Tsitsi la mtundu wanji lingagwirizane ndi khungu langa?

Funso: "Ndine mayi wa ku Nchalo, khungu langa ndi lakuda kwambiri ndipo maso anganso ndi akuda. Pa Khirisimasi ndinalukitsa meshi ya nambala 27, anthu n'kumandifunsa ngati ndadwala, chifukwa nkhope inkaoneka mbuu. Mng'ono wanga, yemwe ndi woyererapo, analuka yomweyo n'kumukhala bwino. Mu Novembala kuli chinkhoswe changa ndipo ndikufuna kudaya tsitsi langa lenileni. Ndimapaka rilakisa, ndipo mu Juni ndinapaka dayi wakuda. Ndisankhe mtundu wanji?"

Achemwali, 27 uja sanakukaneni chifukwa ndinu akuda. Pa zaka zomwe ndagwira mitu ya anthu m'saluni ndaona azimayi akuda bii amene 27 amawakhala ngati anabadwa naye, ndaonanso oyera amene amawasandutsa ngati angotuluka kumene m'chipatala. Chimene chimalamula ndi kamtundu kena kamene kamabisala pansi pa kuda kapena kuyera kwa khungu. Azimayi awiri akhoza kukhala akuda mofanana, koma mukawaimika limodzi pamthunzi muona kuti wina kuda kwake kumapita ku golide kapena ku mkuwa, ngati shuga wabulawuni akamasungunuka m'poto, pamene mnzakeyo kuda kwake kumapita kwa buluu kapena kwa papo, ngati chipatso cha nyowe chikapsa. Ife a ntchitoyi woyambayo timati khungu lake ndi lotentha, wachiwiriyo timati ndi lozizira. Mawuwa sakunena za kutentha kwa thupi ayi, ndi maina chabe a mbali ziwirizi. Aliponso ambiri amene ali pakatikati, ndipo amenewo ndi amwayi chifukwa mitundu yambiri imawalola.

Nambala 27 ndi mtundu wa uchi, wodzaza chikasu. Ukayandikira khungu lotentha umadzutsa golide amene ali kale m'khungumo, nkhope n'kuwala. Ukayandikira khungu lozizira supezamo mnzake, ndiye diso la woona limayerekeza chikasucho ndi nkhope, nkhopeyo n'kuoneka yotuwa ngati munthu wasamba osadzola. Kutuwa kumene mukunenako n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti inu muli mbali yozizira. Koma sindinakuoneni, choncho tsimikizani nokha musanagule kalikonse.

Mwina munamvapo zoti muziyang'ana mitsempha ya padzanja, akuti ikakhala yobiriwira ngati masamba ndinu otentha, ikakhala yabuluu ndinu ozizira. Njira imeneyo imathandiza anthu a khungu loyera kwambiri. Pakhungu ngati lanu mitsemphayo sioneka n'komwe, ndiye musataye nayo nthawi. Njira imene ine ndimadalira ndi ya chitenje. Sambani kumaso, musadzole mafuta, paudala kapena china chilichonse, ndipo dikirani mphindi 15 kuti kufiira kobwera ndi kupukuta kuthe. Mangani duku loyera kuti tsitsi lonse libisike. Kenaka khalani pakhonde, pamthunzi koma moyang'ana kowala, cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa. Dzuwa la masana la kuno kuchigwa limaphimba chilichonse, ndipo munthu amakhala atayamba kale kutuluka thukuta, nkhope n'kumanyezimira monama. Babu la m'nyumba nalonso limanama, lachikasu limasandutsa aliyense wotentha, loyera lija limatuwitsa aliyense.

Tengani nsalu ziwiri zopanda maluwa ambiri, ina yaolenji ngati njerwa yowotcha, ina yamaruni ngati madzi a chidede. Ikani imodzi pansi pa chibwano, yang'anani pagalasi, sinthani, mubwereze kangapo. Musayang'ane nsaluyo, poti mtima umathamangira mtundu umene mumaukonda kale. Yang'anani m'munsi mwa maso, m'mbali mwa pakamwa ndi pachipumi. Nsalu yolakwika imakuza mthunzi wa m'munsi mwa maso, imaonetsa timadontho tonse takuda, ndipo milomo imaoneka youma. Yolondola imasalaza nkhope ngati mwadzola kanthu pamene simunadzole. Ndolo nazo zimathandiza: valani yagolide khutu lina, yasiliva khutu linalo. Golide akamasungunukira m'khungu, muli mbali yotentha. Siliva akamaoneka waukhondo pamene golide akuoneka ngati wongobwereka, muli mbali yozizira. Zonse zikakukhalani, muli pakati. Itanani mng'ono wanu uja aime nanu pagalasi, chifukwa kusiyanaku kumaoneka msanga anthu akakhala awiri.

Pali chinthu chimodzi cha kwathu kuno chimene chimasokoneza mayeso amenewa. Munthu wa ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula amene amayenda padzuwa tsiku ndi tsiku, nkhope yake imakhala yakuda kuposa pachifuwa, ndipo nthawi zina dzuwalo limaikapo kufiirira kumene si kwachibadwa. Kuti mudziwe mbali yanu yeniyeni, suzumirani pachifuwa kapena mkati mwa mkono chakumtunda, kumene dzuwa silifika. Koma posankha kuti tsitsi liwale kufika pati, muyese ndi nkhope monga ilili, chifukwa tsitsi limakhala moyandikana ndi nkhope, osati ndi chifuwa. Mu Okutobala ndi Novembala nkhope imakhala itada kwambiri kuposa mu Juni, ndiye mayesowa muchite chinkhoswe chitayandikira. Kwa amene amadzola mafuta oyeretsa khungu nkhani imavuta kwambiri. Mafuta amenewo amasiya masaya ofiira ndi zigamba zakuda m'mbali mwa maso, ndipo tsitsi lofiira lililonse limazionetsa poyera. Munthu wotero ndimamuuza mosabisa kuti ayambe wasiya mafutawo, tsitsi likhale lakuda kapena labulawuni wakuya kufikira khungu litachira.

Tsopano mitundu yake. Nditchula manambala a pamapaketi a meshi ndi wivi chifukwa ndi amene mukawapeze pamsika, ngakhale kuti makampani amasiyana pang'ono, 30 wa uyu sangafanane ndendende ndi 30 wa uyo. Kwa khungu lakuda lozizira, mtundu umene sunandichititsepo manyazi ndi 99J, maruni wakuya uja wonga chidede chofulula kwambiri. M'nyumba amaoneka ngati wakuda, potuluka padzuwa n'kutulutsa kufiira kopita ku papo, kumene kumagwirizana ndi kamtundu ka pansi pa khungu lanu. Wakuda weniweni, nambala 1, amakhalanso bwino pakhungu lozizira, makamaka wokhala ndi kuwala kwabuluu. Mukafuna bulawuni, khalani pa 2, wakuya ngati khofi wopanda mkaka. Zopewa ndi zonse zodzaza chikasu ndi olenji: 27, 30 ndi 350. Chodabwitsa n'chakuti 613, woyera ngati ndevu za chimanga chanthete, nthawi zina amakhala bwino pakhungu lakuda lozizira kuposa 27, chifukwa alibe chikasu chambiri. Koma ameneyo ndi wa wigi basi, ndipo pachinkhoswe pamaso pa ankhoswe ndi apongozi ine sindingakulangizeni.

Mayeso aja akaonetsa kuti ndinalakwitsa, kuti ndinu akuda otentha, ndiye kuti vuto la 27 linali kuwala mopitirira, osati chikasu chake. Pamenepo tsikani pang'ono. Nambala 33 ndi bulawuni wofiirira ngati masau ouma, ndipo pakhungu lakuda lotentha ndi wokongola zedi. Nambala 30 ndi wowalirapo, wonga njerwa yopsa bwino, pomwe 4 ndi bulawuni wa bwemba, wofatsa, woti ngakhale kutchalitchi palibe angacheuke. Lamulo limene ndimatsata pakhungu lakuda ndi loti tsitsi loyandikira nkhope lisafanane ndendende ndi khungu. Likhale loderapo kapena lowala moonekeratu. Bulawuni wofanana ndi nkhope amachititsa kuti mutu wonse ukhale chinthu chimodzi, pachithunzi osaoneka pamene chipumi chathera. Mng'ono wanu, ngati ndi woyererapo wopita ku chikasu, 27, 30 ndi 350 ndi zake. Woyererapo wopita ku pinki, amene masaya amafiira akapsa ndi dzuwa, amakhala bwino ndi 2, 4 kapena 99J, koma mkuwa umamufiiritsa nkhope ngati wapsa mtima.

Za maso ndinene mwachidule, poti ambirife maso athu ndi abulawuni ndipo sasiyana kwambiri. Imani poti dzuwa la m'mawa likuwombeni chammbali, muyang'ane pagalasi pafupi. Maso ena amene timati akuda amatulutsa uchi kapena kufiirira mkati mwake, ndipo tizingwe tingapo ta 30 kapena 33 pafupi ndi nkhope timawadzutsa. Ena amakhalabe akuda ngakhale padzuwa, osaoneka malire a mboni. Amenewo amafuna tsitsi lakuya, 1, 1B amene ndi wakuda wofewa, kapena 99J, kuti diso lisamire. Komabe pamene maso ndi khungu zikutsutsana, mverani khungu, chifukwa ndilo lalikulu. Chimene anthu amaiwala ndi mbali yoyera ya diso. Kuno fumbi, utsi wa nkhuni ndi dzuwa zimafiiritsa maso a anthu ambiri, ndipo ena mwachibadwa choyeracho chimakhala choderako. Tsitsi lofiira kwambiri kapena lamkuwa limakokera diso la woona pa kufiirako, munthu n'kumaoneka wotopa. Ngati maso anu ndi otero, mtunduwo uyambire kutali ndi nkhope, kutsogolo kukhale 1B.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse bwino, chifukwa kusankha mtundu n'kosavuta poyerekeza ndi kuufikitsa patsitsi lanu monga lilili. Dayi sachotsa dayi mnzake. Dayi wa m'bokosi amagwira ntchito ndi divelopa, madzi oyera aja osakaniza, amene amasungunula pang'ono mtundu wachibadwa wa tsitsi n'kulowetsamo watsopano. Divelopa wa 20 ali ndi mphamvu ya 6 peresenti ndipo amawalitsa tsitsi sitepe imodzi kapena ziwiri, wa 30 ali ndi 9 peresenti ndipo amafika masitepe awiri kapena atatu, pa muyeso umene wakuda ndi 1 ndipo woyereratu ndi 10. Koma mphamvu imeneyi imagwira mtundu wachibadwa wokha. Dayi wakuda amene munapaka mu Juni adakali m'tsitsimo, ndipo dayi wamaruni sangamusunthe.

Tiyeni tiwerengere. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Kuchokera Juni kufika Novembala ndi miyezi 5, ndiye kuti muli ndi masentimita 5 kapena 6 a tsitsi latsopano kumizu, kwinako konse ndi kwakuda kwa dayi. Mukapaka maruni ndi divelopa wa 30 mutu wonse, masentimita 5 akumizuwo adzagwira msanga, ndipo chifukwa cha kutentha kwa mutu adzafiira mowala kuposa chithunzi cha pabokosi. Kunsonga kudzakhala bii monga kale. Mudzatuluka ndi mutu wooneka ngati wayaka pakati. Pamenepo wina adzakuuzani kuti tingopaka bulichi kuti wakudayo achoke, ndipo ndi pomwe tsitsi limathera. Rilakisa amathyola kale timfundo timene timalimbitsa tsitsi mkati mwake. Bulichi akabwera pamwamba amadya totsalato. Ndinalandirapo mtsikana amene anachitidwa zimenezi kwinakwake kutatsala masiku anayi kuti akwatiwe. Tsitsi lake likanyowa linkatamuka ngati chingamu, kulipesa linkatsalira m'chipeso. Panalibe mafuta oti n'kulibweza, tinameta n'kumuveka wigi, iye akulira. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa akanangofunsidwa funso limodzi loti munapakapo chiyani m'mutumu, sizikanachitika.

Ndiponso bulichi patsitsi lakuda sapita molunjika ku mtundu umene mukufuna. Tsitsi limayamba lafiira, kenaka olenji, kenaka chikasu, ndipo lokhala ndi dayi wakuda limakonda kuima pa olenji wa zigamba. Olenji ameneyo ndiye mdani weniweni wa khungu lozizira. Mungawononge tsitsi n'kupezanso kutuwa komwe kuja kwa pa Khirisimasi.

Ndiye langizo langa pa chinkhoswechi ndi ili: tsitsi lanu lenileni musalidaye, mtunduwo ubwere ndi meshi kapena wivi. Pitani kumsika m'mawa ndi kagalasi, nkhope yosadzola paudala, mupemphe wogulitsa akuloleni kutulutsa mapaketi a 99J, 33 ndi 30 pakhomo pa shopu. Ikani lililonse m'mbali mwa tsaya monga munachitira ndi nsalu zija. Wogulitsa akavuta, gulani paketi imodzi yokha ya umene mukuuganizira, mukayesere kunyumba. Ngati 99J wapambana, musaluke yekhayekha mutu wonse. Pa mapaketi 6, tengani 4 a 1B ndi 2 a 99J, woluka asakanize ulusiwo m'manja asanayambe kuti chingwe chilichonse chikhale ndi zonse ziwiri. 1B ndi wakuda wofewa, woyandikira tsitsi lathu lachibadwa, ndipo adzagwirizana ndi tsitsi lanu kumizu, mzere woonekera sudzakhalapo. Mukafuna kuti mtunduwo uonekere kwambiri pazithunzi, pangani 3 kwa 3, kapena gulani ija yoyamba yakuda n'kumafiira kunsonga, imene papaketi amalemba T1B/99J. Ngati wapambana ndi 33, chitani chimodzimodzi, 1B kapena 2 ndi 33. Kumbukiraninso chitenje cha tsikulo. Maruni amakhala bwino ndi buluu, zoyera, siliva ndi papo, koma pafupi ndi nsalu yaolenji amalimbana nayo. Ngati nsalu ya chinkhoswe inagulidwa kale ndipo ndi yaolenji, ndi bwino kungoluka 1B yekha. Lukitsani kutatsala masiku atatu kapena anayi, kuti kukoka kwa pachipumi kuthe, ndipo ngati mukufuna kupaka rilakisa kumizu, pakhale milungu iwiri musanaluke, poti tsitsi longopakidwa kumene silipirira kukokedwa.

Chinkhoswe chikadutsa, ngati mtima udakali pa kudaya tsitsi lenileni, njira yake ndi kudikira. Siyani dayi wakuda, muzidula nsonga pang'onopang'ono mpaka wakudayo atatha. Patsitsi la masentimita 12 zimenezi zimatenga pafupifupi chaka. Mukafika pamenepo, patsitsi la rilakisa musapitirire divelopa wa 20, ndipo pakati pa rilakisa ndi dayi pazidutsa milungu iwiri kapena kuposerapo. Ndi divelopa wa 20 tsitsi lakuda lifika pa maruni wakuya kapena bulawuni wofiirira, woonekera bwino padzuwa. Silingafike pa 27 kapena 30, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo ndiye kuti akufuna kuthira bulichi. Chithunzi cha pabokosi musachikhulupirire, chifukwa kawirikawiri chimaonetsa zotsatira patsitsi lowala kale. Yang'anani kumbali kwa bokosi, kumene amaonetsa zimene zimatuluka patsitsi lakuda.

Musanapake mutu wonse pali mayeso awiri osadumpha. Oyamba ndi a khungu. Madayi ambiri osachoka, makamaka akuda ndi akuya, ali ndi mankhwala otchedwa PPD, amene anthu ena thupi lawo limawakana, ngakhale amene anapakapo kale popanda vuto. Pakani kadontho kuseri kwa khutu motsatira pepala la m'bokosi, mudikire maola 48. Pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka matuza, dayi ameneyo si wanu. Ngati mutapaka nkhope kapena zikope zayamba kutupa, kapena kupuma kukuvuta, tsukani msanga n'kuthamangira kuchipatala, musadikire kuti kuche. Achiwiri ndi a tsitsi: sankhani kagawo kakang'ono kumbuyo, pakani, dikirani nthawi yolembedwa, tsukani, umitsani, mukakaone panja. Kakatuluka mtundu wolakwika kapena kakamaduka mukakakoka, mwataya kagawo kokha. M'miyezi yotentha dayi amagwira msanga kuposa mmene pepala likunenera, choncho pakani m'mawa, pamthunzi, osavala pulasitiki n'kukhala padzuwa monga ena amachitira, ndipo muziyang'ana mphindi 5 zilizonse.

Mitundu yofiira ndi imene imasuluka msanga kuposa ina yonse, ndipo kuchigwa kuno imasuluka mofulumirirapo. Dzuwa limaidya, thukuta limachititsa kuti tizitsuka pafupipafupi, ndipo madzi a m'mijigo ina ndi amchere, amaumitsa tsitsi n'kulisiya lotuwa. Maruni akamasuluka amapita ku bulawuni wofiira, kenaka ku olenji, ndiye kuti mtundu umene unayamba wozizira umatha uli wotentha, nkhope n'kuyambiranso kutuwa inu osadziwa chifukwa chake. Tsukani kamodzi pamlungu ndi shampu wofatsa, osati sopo wochapira, ndi madzi ozizira. Ngati mjigo wanu ndi wamchere, sungani madzi amvula otsukulira komaliza. Valani duku kapena chipewa popita kumunda ndi kumsika. Mtundu ukayamba kupita ku olenji, musabwereze dayi wa divelopa mutu wonse. Gulani rinsi wamaruni, uja wopanda chosakaniza, amene amangokuta tsitsi pamwamba n'kumachoka pang'onopang'ono mukamatsuka. Muzipaka ameneyo pakatha milungu itatu kapena inayi, ndipo dayi weniweni azifika kumizu yatsopano yokha.